Penoti Siigona M'chipatala: Mwamene Tinapemphela Weva ku ZRA

Makina a ZRA sadziwa kuti munthu anathyoka mwendo, sadziwa malilo, sadziwa kuti shopu inatsekedwa. Tsiku la 14 likapita retani ya tenova takisi isanalowe, penoti imadzilemba yokha pa akaunti yanu, ndipo mwezi wina ukalowa imawonjezeka futi. Amene angaichotse ndi munthu wokhala pa desiki, ndipo munthu uja amafuna zinthu ziwili chabe: chifukwa chomveka, ndi mapepala osonyeza kuti chifukwacho si nthano.

Ine ndimagwila nchito pa kafe ya intaneti ku Chawama. Timataipa makalata ofunsila nchito, timachita fotokope ya mareji, timathandiza anthu kulowa pa TaxOnline. Makalata opempha weva ndaona ambili akudutsa pa kiyibodi yanga, ena abwino, ena oti ukawelenga ungalile koma osadziwa kuti munthu akupempha chiyani. Imene ndimaidziwa kuyambila kumutu mpaka kumchila ndi ya amai anga ang'ono, mng'ono wa amai, amene amasoka mayunifomu ndi madilesi a chitenge pa maliketi. Kunyumba timawaitana ba mami.

Pa 2 Epulo minibasi imene anakwela pochoka ku Kamwala kukagula nsalu inagundana ndi thilaki. Mwendo unathyoka pawili, foni inaphwanyika, kachikwama sikanaoneke. Anagona m'chipatala mpaka pa 19 Meyi, ndipo atatuluka dokotala anawalembela kuti asagwile nchito mpaka pa 23 Juni. Makina osokela anakhala ovundikila na chitenge. Mtsikana amene amaphunzila kwa iwo anatsiliza maoda amene anali m'kati mu Epulo, anthu analipila, pambuyo pake anakhoma loko n'kupita kwa mbuye wake ku Kafue.

Nkhani ya msonkho inabuka pa 17 Julayi. Sukulu ina ya pulayiveti inafuna munthu wosoka mayunifomu 120 a temu yachitatu, ndipo pa mapepala amene anafuna panali kiliyaransi ya msonkho, ija imalembedwa Tax Clearance Certificate. Ba mami anabwela pa kafe na ndodo yao, tinalowa pa akaunti, ndipo tinapeza maretani anayi osalowa: Malichi, Epulo, Meyi na Juni.

Apa ndi pamene anthu ambili amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti miyezi inayi ndiye mapenoti anayi. Iyayi. Retani iliyonse imayenda na wochi yake, ndipo chidutswa cha mwezi chimawelengedwa ngati mwezi wathunthu. Retani ya Malichi inafunika kulowa pofika 14 Epulo. Ife tinailowetsa pa 20 Julayi, ndiye kuti miyezi itatu na masiku 6, ndipo pa makina imeneyo ndi miyezi 4. Ya Epulo inachedwa miyezi 3, ya Meyi 2, ya Juni 1, olo kuti inangodutsa na masiku 6 chabe. Mukaphatikiza, ni miyezi 10 ya penoti pa bizinesi imene inatsekedwa kwa miyezi yosakwana itatu. Ndalama yake imawelengedwa m'mayuniti a penoti. Nthawi ija yuniti imodzi inali 30 ngwee, ndipo mu 2024 boma linaikweza kufika pa 40 ngwee, choncho nkhani ngati iyi lelo imaluma kwambili.

Ba mami anayang'ana sikilini n'kunena kuti, "Manje iwe, mu Meyi na mu Juni sininagulise olo kabatani kamozi. Banilipilisa chani?"

Funso limeneli ndimalimva sabata iliyonse. Penoti ya retani siyang'ana kuti munapeza zingati. Imayang'ana kuti munauza ZRA kapena simunauze. Mwezi umene simunagulitse kanthu mumalowetsabe retani ya zilo, ija timati nilo. Mukapanda kutelo, makina amaona ngati mwabisala.

Pa sitetimenti yao panali zinthu zosiyana, ndipo kuzilekanitsa ndiye nchito yoyamba. Panali msonkho weniweni: K1,500 ya Malichi na K400 ya Epulo, pamodzi K1,900. Panali penoti ya kuchedwa kulowetsa retani. Panali penoti ina ya kuchedwa kulipila msonkho, imene imakhudza miyezi iwili ija yokhala na msonkho. Ndiye panali intaresiti, imene imatsatila reti ya Bank of Zambia. Zitatu zapamwambazi zinakwana K1,180. Kwa munthu wa ku mayadi ndi ndalama ya mafuta a galimoto. Kwa munthu amene wakhala miyezi itatu osaponda makina, amene lendi ya shopu ikumudikila, ndi kusiyana kwa kutsegula na kusatsegula. Wa kaloba wa mu komboni anali atanena kale kuti akapeleka K1,200 afuna K1,800 kumapeto a mwezi.

Weva siikhudza msonkho weniweni. K1,900 ija inali ya boma ndipo panalibe zokambilana. Chimene munthu amapempha ndi chakuti amukhululukile zapamwamba. Komanso muyenela kudziwa kuti mukugogoda pa chitseko chiti, chifukwa zitseko zilipo ziwili. Ngati mukunena kuti penoti ndi yolakwika, mwachitsanzo munalowetsa retani pa 12 ndipo muli na lisiti yake, imeneyo ni kutsutsa, objekishoni, ndipo mkangano wa msonkho ukakula umatha kufika ku Tax Appeals Tribunal. Weva ndi ina. Pa weva mukuvomela kuti retani inachedwadi, penoti inabwela mwalamulo, koma panali chinthu chimene chinakumangani manja. Lamulo limapatsa Komishona Jenerali mphamvu yochotsa penoti yonse kapena mbali yake. Ni mphamvu yake, si ufulu wanu. Ndiye kalata yokalipa, yonena kuti "mwandibela", ili pa chitseko cholakwika.

Tisanalembe liwu limodzi, tinayamba kutseka pamene pamadontha. Pa 20 Julayi tinalowetsa maretani onse anayi, awili okhala na msonkho, awili a nilo, ndipo tinasindikiza lisiti ya iliyonse. Tsiku lotsatila ba mami analipila K1,900. Inali ndalama ya chilimba: azimai anzao anagwilizana kuti alandile iwo mwezi umenewo m'malo mwa Okutobala. Chifukwa chochitila izi poyamba n'chosavuta. Retani ikadali panja, wochi ikuyendabe, ndipo mungapemphe weva ya miyezi 10 n'kupeza kuti pofika 15 Ogasiti yakhala 14 na ina ya Julayi pamwamba. Komanso ofisala akatsegula akaunti yanu n'kuona kuti msonkho weniweni simunalipile, adzakuuzani kuti muyambe mwamaliza umenewo. Simungapemphe kuti akuchotseleni mchila pamene mutu mukali nawo m'thumba.

Pali ena amene amati, "Tiyembekeze amnesiti." Zoona, ZRA inachitapo zimenezo mu 2017 na mu 2022, kukhululukila mapenoti na intaresiti kwa amene analipila msonkho weniweni. Koma amnesiti siibwela ngati Khisimasi. Munthu amene akufuna kiliyaransi mwezi wamawa sangakhale pa benchi kuyembekeza.

Kalata yoyamba analemba okha ba mami usiku, pa mapeji atatu a kope la sukulu. Munali zonse: mwamene atate a ana anamwalilila, fizi ya mwana wa ku koleji, mtengo wa unga, mwamene akhala akulipila msonkho mokhulupilika pamene ena pa maliketi alibe na TPIN yomwe. Zonse zinali zoona. Koma tsiku la ngozi linali pa peji yachitatu, ndipo miyezi imene akupemphela sinatchulidwe paliponse.

Ndinawauza kuti, "Ba mami, uyu muntu azabelenga iyi kalata ali na mafaelo yambili pa tebulo. Afuna kuziba vintu vitatu: ni penoti iti, chinachitika ni chani, na pepa ili kuti."

"So mavuto yanga yonse nichosemo?"

"Musiye chabe yamene yanakulesani kufaila."

Sanakondwele, ndipo ndinawamvetsa. Koma umphawi pawokha sufotokoza chifukwa chimene retani inachedwela, pakuti kulowetsa retani n'kwaulele ndipo kumatheka na pa foni ya mabatani kudzela pa *858#. Chifukwa chomveka chimakhala na zizindikilo zake. Chinabwela kuchokela kunja, simunachisankhe. Chinagwa pa masiku omwewo amene retani inafunika. Chinakuletsanidi kufaila, osati kungokuvutitsani mtima. Ndipo chitatha, simunagone, munakonza zinthu mwamsanga. Matenda aakulu, ngozi, malilo a munthu amene amayendetsa mabuku, moto kapena madzi osefukila kuwononga shopu, sisitemu kukana pa tsiku lomaliza muli na chithunzi cha sikilini chosonyeza deti: zimenezi zimaima. "Ndinaiwala", "sindinadziwe", "mnyamata wa pa kafe anasowa na pasiwedi": zimenezi zimagwa msanga, chifukwa udindo wofaila ndi wa mwini TPIN.

Mbali imene inatidyela nthawi ndi mapepala. Njila imene ndimagwilitsa nchito ni iyi: ndimalemba madeti omaliza a maretani kumanzele kwa pepala, ndipo pa deti iliyonse ndimafunsa kuti, ni pepa iti imene ikusonyeza kumene munthuyu anali tsiku limeneli? Pa 14 Epulo na 14 Meyi yankho linali pepa yotulukila m'chipatala, imene ili na tsiku lolowa, tsiku lotuluka na chidindo. Pa 14 Juni inali pepa ya dokotala yoti apumule mpaka 23 Juni. Lipoti ya polisi inasonyeza kuti ngozi inachitikadi pa 2 Epulo ndipo dzina lao lili pa anthu ovulala. Tinaonjezela lisiti yobwezeletsela simu kadi, ya pa 5 Julayi, chifukwa inayankha funso limene aliyense angafunse: munthu ali pa bedi, nanga foni? Tinatenganso sitetimenti ya mobayo mane yosonyeza kuti mu Meyi na Juni simunalowe ndalama ya makasitomala, kuti maretani a nilo asaoneke ngati obisa, na kalata yaifupi ya tcheyamani wa maliketi yoti shopu inali yokhoma.

Pepa imodzi inatsala pang'ono kutigwetsa. Pa khadi ya kuchipatala, amene anawalembetsa tsiku la ngozi anali mpongozi wao, ndipo anapeleka dzina la kwa amuna awo. Pa reji na pa TPIN pali dzina la kwa atate awo. Kwa ife ni munthu mmodzi, kwa ofisala ni azimai awili. Zinatengela masiku awili kubwelela ku chipatala kuti alembe kalata yokhala na nambala ya reji. Yang'anani maina na manambala pa pepa iliyonse musanaikhomelele. Ndipo chonde, musayese kukonza deti na bolopeni, kapena kugula pepa ya dokotala kwa anyamata aja amasindikiza chilichonse. Penoti ya K1,180 ni nkhani ya ndalama. Pepa yabodza ku ofesi ya boma ni mlandu wa kukhoti.

Madeti atayalidwa choncho, bowo linaonekela lokha. Pa 14 Julayi panalibe pepa iliyonse. Ba mami anali atachila, simu inali itabwela pa 5 Julayi, ndipo retani ya Juni ikanatha kulowa. Iwo anafuna kuti tiiphatikize mwakachetechete na zinzake. Ine ndinaona kuti ni bwino kuitchula poyela. Munthu amene amawelenga makalata otele tsiku na tsiku adzaliona bowo limenelo olo mulibise, ndipo akaliona yekha amayamba kukaikila na mapepala abwino omwe.

Kalata imapita mu Chingelezi, koma nayi mwamene inakambila, pa peji imodzi. Pamwamba dzina monga lilili pa TPIN, nambala ya TPIN, foni, mtundu wa msonkho, na mutu wonena kuti ni pempho lochotsa penoti pa Malichi mpaka Juni. Pansi pake:

"Ndikupempha kuti mundichotsele penoti ya kuchedwa kufaila na ya kuchedwa kulipila, pamodzi na intaresiti, zonse K1,180. Pa 2 Epulo ndinachita ngozi ya pamsewu (pepa 1). Ndinagona m'chipatala kuyambila 2 Epulo mpaka 19 Meyi (pepa 2), ndipo dokotala anandiletsa nchito mpaka 23 Juni (pepa 3). Foni imene ndimafailila inawonongeka pa ngoziyo, nambala ndinaibweza pa 5 Julayi (pepa 4). Bizinesi ndimayendetsa ndekha ndipo inali yotseka mu Meyi na Juni (pepa 5 na 6). Retani ya Juni inachedwa masiku 6 pamene ndinali kuyambilanso nchito, ndipo pa imeneyi ndilibe pepa ya dokotala. Maretani onse analowa pa 20 Julayi, msonkho wa K1,900 unalipilidwa pa 21 Julayi (pepa 7 na 8). Ngoziyi isanachitike sindinachedwepo. Manje mwana wa mkulu wanga waphunzila kufaila kuti ndikadwala azindithandiza."

Chiganizo chakuti "sindinachedwepo" tinachilemba titayang'ana mbili ya akaunti, chifukwa iwo amaiona yonse pa sikilini. Ngati munachedwapo kale, musalembe. Pepa iliyonse tinailemba nambala pakona na bolopeni yofiila, kuti wowelenga asavutike kusaka. Tinapeleka mafotokope, maorijino tinanyamula m'envulopu kuti akafuna kuona aone n'kutibwezela.

Tinapita m'mawa pa 26 Julayi, ba mami na ndodo yao, ine na mafaelo awili ofanana. Yachiwiliyo ndi yofunika kwambili: pamene alandila yoyamba, mumapempha kuti adinde yanu na deti. Popanda chidindo chimenecho, sabata yachitatu mukabwela kudzafunsa, mulibe chosonyeza kuti munabwelapo. Mai amene anatilandila anatembenuza mapeji, anaima pa pepa ya dokotala, n'kufunsa kuti, "Nanga kuchoka pa 23 Juni kufika pa 20 Julayi?" Ba mami anayankha monga mwamene zinalili, kuti foni inabwela pa 5, kuti mutu unali pa lendi na makasitomala amene anathawa. Maiyo anagwedeza mutu, analoza ndime ija ya Juni m'kalata, n'kudinda.

Kudikila ndiko kunali kowawa. Sukulu inafuna mapepala pofika 25 Ogasiti, ndipo wa kaloba anali kudutsa pa shopu kupeleka moni wambili. Tinagwilizana kuti ngati pofika 21 Ogasiti yankho silinabwele, adzakongola n'kulipila, chifukwa oda ya mayunifomu 120 inali yaikulu kupambana penoti. Kupempha weva sikuimitsa moyo wa akaunti: retani ya Julayi inafunika pofika 14 Ogasiti, ndipo tinailowetsa pa 3. Palibe chimene chimaononga pempho ngati kuchedwa futi pamene faelo yanu ili pa tebulo ya munthu. Lachisanu lililonse ndinali kutsegula akaunti kuona ngati manambala asintha, ndipo kamodzi ba mami anapitanso okha na kope yao yodinda kukafunsa.

Yankho linabwela pa 17 Ogasiti. Anachotsa mapenoti a Malichi, Epulo na Meyi, ya kufaila na ya kulipila yomwe. Anasiya penoti ya Juni na intaresiti, pamodzi K145. Ba mami anadandaula pang'ono, ati ngati akhululuka akhululuke vonse. Ine ndinaona kuti mzele anaudula pamalo pake: pamene panali pepa anachotsa, pamene panalibe anasiya.

Kalata yovomela si mapeto. Tinalowanso pa TaxOnline kuona ngati ndalamazo zachokadi pa sitetimenti, chifukwa kiliyaransi imayang'ana zimene zili mu sisitemu, osati pepa imene ili m'chikwama mwanu. Zitachoka, analipila K145 pa foni, tinadikila kuti balansi ionetse zilo, ndiye tinapempha kiliyaransi. Inatuluka pa 22 Ogasiti, ndipo mapepala anafika ku sukulu kutatsala masiku awili. Anawapatsa theka la oda, mayunifomu 60, theka lina linapita kwa telala wina wa ku Kanyama.

Pa faelo ija ndinasunga kope imodzi pa kafe, maina na manambala nditafuta na maka yakuda. Sabata yatha kunabwela mnyamata wowotchelela mageti, ali na maretani asanu na awili osalowa, ati anali ku Solwezi pa pisiweki. Ndinamupatsa pepala, ndinamuuza kuti alembe madeti 7 kumanzele, ndipo kumanja alembe pepa imene ali nayo pa deti iliyonse. Anakhala pa benchi mphindi makumi awili, anadzaza mizele iwili chabe, ya miyezi imene anagona na malungo ku kiliniki ya kumeneko. Tinalowetsa maretani onse tsiku lomwelo, ndipo kalata yake ikupempha miyezi iwili imeneyo.